Ndikufuna kugawana sikiripiti, koma kiyi ndi pasiwedi zili mkati momwemo

Msungichuma_wa_Lachisanu

Moni nonse. Ndine msungichuma wa banki mkhonde yathu, tilipo anthu 24 ndipo timakumana Lachisanu. Nditatopa n'kuimbira anthu foni kuwakumbutsa za ngongole, ndinadziphunzitsa Python pang'ono n'kulemba kasikiripiti. Lachinayi madzulo kamawerenga fayilo ya `mamembala.csv`, kutumiza SMS kwa aliyense amene ali ndi ngongole, kenako kunditumizira lipoti pa Gmail. Pano magulu ena awiri akukafuna, ndiye ndimati ripo yanga ya pa GitHub ndiitsegule kuti aliyense azitha kutenga. Koma pamwamba penipeni pali mizere iyi:

```python
SMS_KEY = "kiyi-yanga-yeniyeni"
GMAIL_PASS = "pasiwedi-yanga-yeniyeni"
```

Kiyi ya SMS ija ndi ndalama, chifukwa mauthenga timagula ndi ndalama za gulu. Ndichite bwanji kuti anthu atenge khodi koma asatenge zimenezi? Ndili pa Windows.

Chule265

Nkhani yaing'ono iyi achemwali. Fufutani zili m'katizo, muike madontho, mukankhe. Aliyense aziikamo yake.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ndiye tsiku lililonse ndikakonza kanthu ndizifufuta, ndikankhe, kenako ndibwezeretse kuti Lachinayi itumize? Ndikudzidziwa ine, tsiku lina ndidzaiwala.

Bongololo

Bwanji osangoika zonse mu zipi ya pasiwedi? Ine mafayilo anga onse ndimatero.

Tsabola_Wakale

A Bongololo, mayiwa akufuna kuti anthu atsegule sikiripitiyo n'kuigwiritsa ntchito. Akawapatsa pasiwedi ya zipi, anthuwo atsegula, kiyi ija aiona. Mwakiya chitseko n'kupereka kiyi kwa mlendo yemweyo.

Bongololo

Aaa, ndinamva molakwika. Pitirizani.

Kadzidzi

Achemwali, mantha anu oiwala aja ndi oona, ndipo njira yake ndi yoti pasakhalenso chinthu choti muzikumbukira. Sikiripiti isadziwe kiyi, izingodziwa dzina la pamene kiyi imakhala.

Pulogalamu iliyonse ikamayamba, kompyuta imaipatsa kamndandanda ka mayina, dzina lililonse ndi mawu ake. Amenewa ndiwo mavaliyabulo a envayironimenti. Pulogalamu imatengera kamndandandako kwa amene waiyambitsa, ngati mmene mwana amatengera mfunda. Mukalemba `python kumbutsa.py` m'theminolo, Python imalandira zonse zimene theminoloyo ili nazo. Ndiye inu muika kiyi mu kamndandandako, sikiripiti ikaitenge kumeneko:

```python
import os

SMS_KEY = os.environ["SMS_KEY"]
GMAIL_PASS = os.environ["GMAIL_PASS"]
```

Kuti muone nokha mmene zimayendera, tsegulani PowerShell mulembe izi, ndi kiyi yabodza kaye:

```powershell
$env:SMS_KEY = "yoyesera"
$env:GMAIL_PASS = "yoyesera"
python kumbutsa.py
```

Mukatseka windo imeneyo, valiyabulo ija yapita. Mukatsegula ina simuipeza. Nchifukwa chake ambiri sitilemba pamanja tsiku ndi tsiku, timasunga m'kafayilo kapadera kotchedwa `.env`, mufoda momwe muli sikiripiti:

```
SMS_KEY=kiyi-yanu
GMAIL_PASS=pasiwedi-yanu
```

Python payokha siwerenga kafayilo kameneka. Mulembe `pip install python-dotenv`, kenako muonjezere mizere iwiri pamwamba pa ija yowerenga kiyi:

```python
from dotenv import load_dotenv
load_dotenv()
```

Musanapange `.env` n'komwe, yambani mwapanga `.gitignore`, fayilo youza git zimene isatenge, n'kulembamo mzere wa `.env`. Ndikuti musanapange chifukwa anthu ambiri zimawaonekera pamenepa: kupanga fayilo, kulemba `git add .` mwachizolowezi, kenako n'kumakumbukira zaloŵa kale.

Anzanu a magulu enawo muwaikire fayilo ina, `.env.example`, yokhala ndi mayina okhaokha opanda kanthu kutsogolo kwa `=`. Imeneyo ndiyo ipite pa GitHub. Munthu akaitenga aikopera kukhala `.env`, n'kudzazamo zake.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Zikomo akulu. Ndatsatira zonse koma ikukana, ikuti:

```
KeyError: 'SMS_KEY'
```

Fayilo ya `.env` ndikuiona ndi maso angawa, ili mufoda momwemo.

Chule265

Sinthani muike `os.getenv("SMS_KEY")`, uthenga umenewo uchoka.

Kadzidzi

Uchokadi, koma vuto likhala. `os.getenv` ikapanda kupeza dzina imabweza `None` mwakachetechete, sikiripiti n'kupitirira ngati zonse zili bwino. Ikafika potumiza SMS ikapereka mawu oti None m'malo mwa kiyi, kampani ija iyankha kuti 401, kutanthauza kuti kiyi yakanidwa, ndiye achemwali akhala usiku wonse akuganiza kuti kiyi yawo yatsekedwa. Bola `KeyError`, imakuuza pomwepo dzina limene lasowa. `getenv` ndi yabwino pa zinthu zomwe sikiripiti ingayende popanda izo.

Achemwali, kafayiloko munakapanga ndi chiyani? Lembani `dir` m'theminolo mutiuze dzina lake lonse.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ndi Notepad. Eee, `dir` ikuonetsa `.env.txt`! Koma mufoda ikuoneka `.env` bwinobwino.

Tsabola_Wakale

Kkkk Windows imabisa kamchira ka fayilo. Tonse tinadutsa pamenepo. Lembani `ren .env.txt .env`, ndipo mu File Explorer muyatse `File name extensions` kuti isadzakupusitseninso. Onaninso kuti `.gitignore` nayo sinamere mchira womwewo, chifukwa ngati ndi `.gitignore.txt` ndiye kuti git sikuiwerenga.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Nayonso inali ndi mchira, amayi ine. Ndakonza zonse ziwiri. Ndayesa kudzitumizira ndekha, SMS yafika. Ndiye nditsegule ripo tsopano?

Kadzidzi

Ayi, dikirani kaye! Ripo imeneyi mwakhala mukukomita kuyambira liti?

Msungichuma_wa_Lachisanu

Kuyambira chaka chatha. Koma ndi yotseka, palibe amene amaiona.

Chule265

Palibe vuto pamenepo. Kiyi yachoka mu sikiripiti, `.env` ili mu `.gitignore`, basi zatha.

Kadzidzi

A Chule, `.gitignore` imaletsa fayilo yatsopano kuloŵa. Zimene zinaloŵa kale siizikhudza. Git ili ngati buku la msungichuma lomwe lija: mukalakwitsa simung'amba tsamba, mumalemba chokonza pa tsamba latsopano, lakale lija lili pomwepo. Achemwali akasintha ripo kukhala yotseguka, satsegula tsamba lalero lokha, atsegula buku lonse kuyambira tsiku loyamba.

Musandikhulupirire ine, dziwonereni. Tengani zilembo 6 zokha za pakati pa kiyi yanu, osati yonse, muziike m'malo mwa `x7Kp2q` apa:

```
git log --all --oneline -S "x7Kp2q"
```

Lamuloli limatulutsa malo onse m'mbiri pamene mawu amenewo analoŵa kapena kuchoka. Kenako `git show` ndi nambala ya mzere umodzi mwa imeneyo, muona zimene mlendo angaone.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Yatulutsa mizere iwiri, wa chaka chatha ndi wa lero. Ndatsegula wa lerowu, kiyi yonse ili poyera, yalembedwa mofiira ndi kamzere kochotsera kutsogolo kwake. Ndiye kuti pochotsa paja ndangoiloza ndi chala.

Chule265

Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma poti ripo sinatsegulidwepo, kiyi sinabedwe. Asatsegule yakaleyo basi.

Fulugunya

Ndiloleni ndiikepo yanga, mwina ithandiza wina. Ine ndinali ndi kaboti ka Telegram kotumiza mitengo ya soya ndi mtedza pa gulu la alimi kwathu. Tokeni ndinaiika mu `.env` bwinobwino, GitHub inali yoyera. Tsiku lina netiweki inavuta, sikiripiti inagwa, ine n'kujambula sikirini yonse kuponya pa gulu lina la WhatsApp kufunsa thandizo. Chimene sindinaone n'choti Telegram imafuna tokeni ikhale mu adiresi momwemo, motere:

```
https://api.telegram.org/bot<TOKEN>/sendMessage
```

Ndipo `requests` ikalephera kulumikiza imasindikiza adiresi imene imafuna kupitako, ndi tokeni yomwe. M'mawa mwake ndikudzuka, alimi akundiimbira kuti bwanji boti yanga ikuwauza zotumiza ndalama kuti awine mphoto. Manyazi ake! Bambo wina wachikulire anachita kubwera kunyumba. Ndinathamangira kwa BotFather, boti ya Telegram yopereka matokeni, kulemba `/revoke`, tokeni yakale inafa pomwepo. Koma mpaka lero ena pa gulu lija amanditchula kuti wa mphoto.

Bongololo

Kkkkk wa mphoto. Soya akugula bwanji kwanuko pano?

Fulugunya

Mavenda akutibera ngati kale. Sikelo zawo zija ndi nkhani ina.

Bongololo

Kuno ndiye sikelo amachita kuipinda msana, thumba lodzadza n'kumati silinakwane 50.

Tsabola_Wakale

Abale, za sikelo mutsegule mutu wake. Mayiwa akudikira.

Nkhani ya wa mphoto yandikumbutsa funso. Achemwali, sikiripiti yakale ija, ya kiyi mkati, palibe amene munamutumizirapo? Pa WhatsApp, pa imelo, pa fulashi?

Msungichuma_wa_Lachisanu

Mmm. Msuweni wanga ndinamutumizira pa WhatsApp nthawi imene ankandithandiza kukonza masiku. Komanso inakhalapo pa fulashi imene ndimapita nayo kosindikiza mapepala. Msuweniyo sangandibere.

Kadzidzi

Msuweni sangabe, koma foni yake ikhoza kubedwa pa depoti, ndipo fulashi yoloŵa m'makompyuta a kosindikiza yagona m'nyumba zambiri. Kiyi imeneyo muiyese yoti inatuluka kale. Mankhwala ake ndi amodzi, kuipha n'kupanga ina. Kufufuta sikubweza chimene munthu anakopera.

Muchite motsatana chonchi kuti Lachinayi lisakupezeni pakati. Loŵani pa akaunti yanu ya kampani ya SMS, mupange kiyi yatsopano, muiike mu `.env`, mudzitumizire uthenga umodzi. Ukafika, mufufute yakale. Kenako muyese dala yakaleyo kamodzi, muone kuti yakanidwa. Makampani ena salola makiyi awiri nthawi imodzi, mukapempha yatsopano yakale imafa pomwepo, ndiye musachite zimenezi Lachinayi madzulo. Muli komweko muone mndandanda wa mauthenga amene anatumizidwa, ngati mulibe manambala achilendo.

Za Gmail: imene ili mu sikiripitiyo ndi ya zilembo 16 ija Google imapereka ya mapulogalamu, eti? Ngati ndi imeneyo, pitani pa `App passwords` mu akaunti yanu, muichotse, mupange ina. Musaipepute poti si pasiwedi yanu yoloŵera. Amene ali nayo akhoza kuwerenga makalata anu ndi kutumiza m'dzina lanu.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ndi ya zilembo 16 yomweyo. Zonse ziwiri ndasintha, yakale ya SMS ikuyankha 401. Mauthenga achilendo mulibe, ndalama zili momwe zinalili. Mtima wakhala pansi.

Chule265

Ndiye poti makiyi akale afa, mbiri ija ilibenso ntchito. Atsegule ripo yomweyo. Wakuba akapeza kiyi yakufa apita nayo kuti?

Kadzidzi

Pa makiyi mwalasa a Chule, yakufa siluma. Koma bwererani ku uthenga woyamba uja. Muli fayilo ya `mamembala.csv`. Achemwali, lembani `git ls-files` mutiuze ngati ikutuluka.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ikutuluka. Muli mayina, manambala a foni, ndi ngongole ya aliyense. Mayo, apampando athu akanadziwa kuti ngongole yawo inatsala pang'ono kuwerengedwa ndi dziko lonse, akanandidya wamoyo. Ine maso onse anali pa kiyi.

Kadzidzi

Imeneyo ndiye yoopsa kuposa kiyi. Kiyi mwaisintha pa mphindi zochepa, koma anthu 24 simungawauze kuti asinthe manambala. Ndipo munthu wodziwa dzina, nambala ndi ngongole yeniyeni ya mayi wina akhoza kumuimbira n'kunena kuti ndine wa ku gulu, tumizani pa nambala iyi, mayiyo n'kukhulupirira.

Ine ndikanakhala inu, ripo yakaleyo ndikanaisiya yotseka mpaka kalekale. Pangani foda yatsopano, mukoperemo mafayilo amene mukufuna kugawana okha: `kumbutsa.py`, `.gitignore`, `.env.example`, ndi kafayilo ka mamembala abodza awiri kapena atatu kosonyeza kalembedwe. Foda yobisika ya `.git` musaikopere, mbiri yonse imakhala mmenemo. Mu `.gitignore` muonjezere `mamembala.csv`. Kenako:

```
git init
git add .
git status
```

Muwerenge mndandanda umene `git status` yatulutsa, dzina ndi dzina, musanakomite. Mukamakayika za fayilo ina, `git check-ignore -v .env` imakuuzani mzere wa mu `.gitignore` umene ukuitchinga. Ikangokhala chete osatulutsa kanthu, ndiye kuti fayiloyo sinatchingidwe.

Nkhululu

Apa ndiye nditsutsana nanu a Kadzidzi. Kutaya mbiri ya chaka chonse chifukwa cha fayilo imodzi? Chida chilipo:

```
git filter-repo --path mamembala.csv --invert-paths
```

Chimachotsa fayiloyo m'mbiri monse, ndipo ndi `--replace-text` chimafufutanso makiyi akale. Kuntchito tachitapo kangapo. Munthu aphunzire njira yoyenera, osati kuthawa nyumba chifukwa mwaloŵa khoswe.

Kadzidzi

Chidacho n'chabwino, nanenso ndimachigwiritsa ntchito. Koma chimachotsa chimene mwachiuza chokha. Ngati fayilo ija inayamba ndi dzina lina, kapena tsiku lina achemwali analemba nambala ya munthu mu sikiripiti poyesera, zimenezo zitsala. Kenako pafunika kukankha mokakamiza, ndipo pa GitHub zakale zija zimatha kupezekabe kwa amene akudziwa nambala yake ya `commit` mpaka eni ake atazichotsa. Pa ripo ya anthu khumi ya zaka zisanu, inde, vutikani nazo. Pa sikiripiti imodzi ya munthu mmodzi, mbiriyo akuifuna ndani? Ndipo sakuitaya, ikhala mu ripo yotseka ija.

Nkhululu

Ndiye azisamala maripo awiri, kukonza uku n'kukopera uko. Pakatha miyezi itatu adzasiyana.

Kadzidzi

Ayi, agwirire ntchito mu yatsopanoyo basi. `.env` ndi `mamembala.csv` zenizeni zikhale mufoda yatsopano, git sikuziona. Yakale ndi yongosunga.

Nkhululu

Sindinakhutire, koma ripo ndi yawo.

Gologolo_wa_Ubuntu

Funso langa ndi lina. Ukadaulo wonsewu wa `.env` ukusiyana pati ndi kungopanga `config.py`, kuikamo makiyi, n'kuitchinga ndi `.gitignore`? Zonse ndi fayilo ya mawu wamba pa disiki. Tikungodzinamiza.

Tsabola_Wakale

Pa chitetezo cha pa laputopu sizikusiyana, mwanena zoona. `.env` si sefa, aliyense wotsegula laputopuyo akhoza kuiwerenga. Kusiyana kumabwera sikiripiti ikasamuka. Pa seva, kapena pa GitHub Actions, pali malo oikapo zinsinsi, ndipo zimafika kwa sikiripiti ngati mavaliyabulo. Mzere wa `os.environ["SMS_KEY"]` ugwira ntchito osasintha kanthu, ngakhale fayilo ya `.env` kulibe. Ndi `config.py` muyenera kupeza njira yofikitsira fayiloyo kumeneko. Chinanso, maso a anthu anazolowera kuti `.env` sipita pa GitHub, pomwe `config.py` imaoneka ngati khodi wamba, wina adzaikomita mosadziwa.

Gologolo_wa_Ubuntu

Ine ndiye sindifuna fayilo n'komwe. Ndimangolemba `export` mu `.bashrc`, nkhani yatha.

Kadzidzi

Imayenda mpaka tsiku limene mudzaipereke kwa `cron`, yoyambitsa sikiripiti yokha nthawi ikakwana. `cron` siwerenga `.bashrc`, imayambitsa sikiripiti ndi mavaliyabulo ochepa kwambiri. Pamanja ikuyenda, usiku ikugwa, inu osadziwa chifukwa. Komanso chimene mwaika mu `.bashrc` chimapita kwa pulogalamu iliyonse imene mwayambitsa m'theminolo, ngakhale imene ilibe nayo ntchito kiyiyo. Ndipo mukalemba `export` ndi kiyi yeniyeni pamanja, imakakhala mu `~/.bash_history`. PowerShell nayo imasunga zimene mwalemba, nchifukwa chake ndinati achemwali ayesere ndi kiyi yabodza.

Fulugunya

Onjezanipo ya `$`. Pasiwedi yanga ya detabesi inali ndi chizindikiro chimenechi pakati. Ndinalemba chonchi:

```bash
export DB_PASS="mbewu$2x9"
```

Bash inaona `$2` ngati valiyabulo, n'kuimeza, pasiwedi n'kufika yoduka. Ndinatha Loweruka lonse ndikutukwana seva. Ndi `'` m'malo mwa `"` Bash siikhudza kanthu.

Gologolo_wa_Ubuntu

Ya `cron` inandichitikirapo, sindikana. Koma `.bashrc` yanga sindiisiya.

Msungichuma_wa_Lachisanu

A Kadzidzi, zimene mwanena za `cron` zandiopsa. Yanga imayambitsidwa ndi Task Scheduler Lachinayi 6 koloko madzulo, ine ndili kuphika. Ipeza `.env`?

Kadzidzi

Iyenera kuipeza. `load_dotenv()` ikaitanidwa mu sikiripiti imayamba kufufuza mufoda momwe muli sikiripitiyo, n'kumakwera m'mafoda a pamwamba, posatengera kumene mwaiyambitsira. Koma kuti musagone ndi nkhawa, iuzeni malo enieni:

```python
from pathlib import Path
load_dotenv(Path(__file__).parent / ".env")
```

Chimene chingakugwetseni ndi foda yatsopano ija. Task Scheduler ikulozabe ku foda yakale, kumene mungaiwale kukonza. Isintheni iloze kwatsopano, mu `Start in` muikenso foda yomweyo kuti `mamembala.csv` ipezeke, kenako dinani `Run` muone lero lomwe, osadikira Lachinayi. Poyesapo muike fayilo ya nambala yanu yokha, mungadzutse gulu lonse ndi uthenga wa ngongole Lolemba.

Kanthu kena kakang'ono. Dzina likakhala kuti lilipo kale mu envayironimenti, `load_dotenv()` silisintha, imasiya lomwe yalipeza. Ngati windo ya PowerShell ija munayeseramo `yoyesera` ikadali yotsegula, sikiripiti itenga `yoyesera` osati za mu `.env`. Itsekeni.

Tambala_Wakuda

Pepani kuloŵerera. Ine ndikupanga tsamba ndi Vite, kiyi ya SMS ndaiika mu `.env` ngati `VITE_SMS_KEY`, ndipo `.env` ili mu `.gitignore`. Ndiye kuti ndili bwino, eti?

Tsabola_Wakale

Simuli bwino achimwene. Pa GitHub kiyi sipita, zoona, koma dzina lililonse loyamba ndi `VITE_` limene khodi yanu ikuligwiritsa ntchito, Vite imalemba mawu ake mu JavaScript imene imapita ku foni ya aliyense wotsegula tsambalo. Pangani `npm run build`, kenako mufufuze zilembo za kiyi yanu mufoda ya `dist`, muipeza. Sikiripiti ya achemwali imayenda pa kompyuta yawo, nchifukwa chake njirayi ikuwagwirira. Yanu imayenda pa foni za alendo. Kiyi iyenera kukhala pa seva yanu, tsamba lizipempha sevayo kuti itumize SMS.

Tambala_Wakuda

Seva ndilibe, tsambalo lili pa malo aulere. Lakhala pa intaneti sabata ziwiri.

Tsabola_Wakale

Ndiye yambani mwapha kiyiyo usiku uno, za seva tikambirana mawa.

Chule265

Koma GitHub masiku ano imakana yokha ukamakankha kiyi. Ine inandikanizapo.

Nkhululu

Imakana makiyi amene maonekedwe ake imawadziwa, monga a AWS oyamba ndi `AKIA` kapena ake omwe oyamba ndi `ghp_`. Kiyi ya kakampani ka SMS kapena pasiwedi imene mwapeka nokha ikhoza kudutsa osaimitsidwa, ndipo fayilo ya manambala a amayi a banki mkhonde ndiye siiona n'komwe ngati chinsinsi. Ine ndisanatsegule ripo ndimaiyendetsa mu `gitleaks`, imafufuza ndi mbiri yomwe. Nayonso imaphonya zina.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ripo yatsopano yakwera, muli mafayilo anayi, ndawatsegula limodzi limodzi pa GitHub pomwepo kuona ndi maso. Task Scheduler yayenda. Koma mlembi wa gulu limodzi lija akuti GitHub saidziwa, ndingomutumizira zipi pa WhatsApp. Ndingopanga zipi ya foda yonse?

Kadzidzi

Ayi! Zipi sidziwa za `.gitignore`, inyamula `.env` ndi `mamembala.csv` zenizeni, ntchito yonse ya lero n'kupita m'madzi. Muuze git ikupangireni, imaikamo zimene zinakomitidwa zokha:

```
git archive -o kumbutsa.zip HEAD
```

Kapena pa tsamba la ripo dinani `Code` kenako `Download ZIP`, n'chimodzimodzi. Muitsegule muone musanatumize.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ndatumiza ya `git archive`. Wayankha kale, akuti iye akaunti ya SMS alibe ndipo kulembetsa n'kovuta, ndingomubwereka kiyi yanga azindibwezera ndalama pa mwezi. Ndi mnzawo wa mayi anga, kukana n'kovuta.

Chule265

Mupangireni kiyi yachiwiri pa akaunti yanu, akavuta mudzangoipha.

Kadzidzi

Ngati kampaniyo imalola makiyi angapo, bola zimenezo kusiyana n'kumupatsa yanu. Koma onse awiri adya m'thumba limodzi la ndalama, ndipo sikiripiti yake ikazungulira molakwika usiku umodzi, za gulu lanu zatha. Ndalamazo si zanu nokha. Ine ndikanapita kukakhala naye pansi n'kumulembetsa akaunti yake.

Nkhululu

Kapena muzimutumizira inuyo mauthengawo, iye azingokupatsani fayilo.

Msungichuma_wa_Lachisanu

Ndiye ndizisunganso ngongole za anthu a gulu la eni? Imeneyo ayi. Ndikaifunsa komiti Lachisanu, ndalama ndi zawo.